Malipiro a Mapota Atasowa Panjira

Nthawi imeneyo ndinali nditatha zaka zambiri ndikuperekeza alendo m'phiri, ndipo gulu lalikulu likafika pa Likhubula anzanga ankandisiyira ine zolankhula. M'mwezi wa Ogasiti kunabwera anthu ogwira ntchito pa ofesi ina ya ku Blantyre. Wowatsogolera anali mayi wina wolankhula mofulumira, amene ndinkangomudziwira pa foni. Ndinasonkhanitsa mapota asanu ndi anayi, tinasenza zikwama, mapoto ndi chakudya mpaka ku Chambe, ndipo tinakhala kumeneko masiku atatu.

Wamkulu pa mapota onsewo anali alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga. Iwo anawoloka kuchokera ku Mozambique ali mnyamata, nkhondo ili mkati, ndipo phirili analikwera kuposa aliyense wa ife. Sankadziwa kuwerenga kwenikweni, koma sankalola munthu kuwapusitsa.

Titatsika Lachisanu madzulo, mayi aja anati sanayende ndi ndalama zambiri m'manja. Atumiza malipiro athu onse ku akaunti yanga, ine ndiwagawire anzanga. Banki yawo inali ina, yanga inanso. Ndinawatchulira nambala ya akaunti kawiri, iwo akulemba pa foni. Posakhalitsa foni yawo inalira, ndipo anaitembenuza kuti tonse tione uthenga wonena kuti ndalama zachoka. Alamu anga anaigwira, n'kupempha mnzathu wina kuti awawerengere mokweza.

"Poti ndi mabanki awiri, komanso sabata yatha, mwina muziona Lolemba," anatero mayiwo akukwera basi yawo.

Lolemba ndinakhalira kuyang'ana foni. Ndinafunsa balansi kanayi konse, koma munali timakwacha tomwe tija timene ndinasiyamo. Tsoka lake, tsiku lomwelo ngolo inanditulira malata asanu ndi limodzi amene ndinali nditalipira kale mwezi wapitawo ndi ndalama za nanazi. Anawatsitsa pabwalo, dzuwa likuswa mtengo, mudzi wonse ukuona.

Lachiwiri m'mawa mapota onse anandipeza pakhomo. Mkazi wanga anawayalira mphasa, koma palibe anakhala.

"Alamu, ndalama zathu," anatero alamu anga.

"Sizinafike."

"Uthenga uja tinauona tonse. Ndalama zinachoka kwa mayi aja. Ndalama ikachoka uku, imafika uko. Kapena ili ndi miyendo yoti n'kukhota panjira?"

Ndinawaonetsa balansi pa foni. Mmodzi anaseka chamumtima, n'kunena kuti munthu akatapa ndalama balansi imaoneka choncho kumene. Wina anangoyang'ana malata aja, ndipo kuyang'anako kunandipweteka kuposa mawu. Alamu anga anati andipatsa mpaka Lachisanu. Likadutsa, nkhani ipita ku komiti yathu ya mapota ndi operekeza alendo, kenako kupolisi ku Boma. Atachoka, mkazi wanga anandifunsa motsitsa mawu ngati panali chimene ndinkamubisira. Ndinangonyamuka n'kupita kumunda, poopa kuti ndingalankhule zoipa.

Lachitatu ndinalawirira ku banki yanga. Nditaima pamzere kwa ola lathunthu, ananditumiza pa tebulo la mayi wina wovala magalasi, wolandira madandaulo. Anatenga chitupa changa, n'kuyang'ana pa kompyuta.

"Bambo, muno simunalowe kanthu chiyambire mwezi uno."

"Nanga zili kuti?"

"Sindinganene. Ndalama yochokera ku banki ina simalumpha n'kugwera mu akaunti mwanu. Banki yawo imayamba yaichotsa kwa wotumiza, kenako imaidutsitsa m'makina olumikiza mabanki onse, ndiye ife timailandira n'kuiika kwa mwini wake. Ikhoza kukhala kuti sinatuluke n'komwe ku banki yawo. Ikhoza kukhala kuti inabwezedwa. Ikhozanso kukhala kuti inafika kwathu koma sinaikidwe mwanu. Uthenga umene munaonawo umangonena gawo loyamba lokha."

Ndinawapempha kuti afufuze. Anati popanda nambala imene ndalamayo inayenda nayo, refarensi, kuli ngati kufuna thumba limodzi la tiyi m'fakitale osadziwa chizindikiro chake. Anatinso woyenera kuyambitsa kafukufuku ndi wotumiza, ku banki yake, chifukwa ndalamayo ndi yake mpaka italowa kwa ine. Anandisindikizira sitetimenti ya mwezi wonse, n'kuidinda, ndipo ndinalipira kangachepe.

Ndili panja ndinawaimbira mayi a ku Blantyre aja. Mawu awo anauma nthawi yomweyo.

"Ine ndinalipira, achimwene. Munaona nokha. Mukufuna ndilipire kawiri?"

"Ayi, mayi. Ndikungopempha kuti mundithandize kuzilondola. Kuno akunditenga ngati wakuba."

"Inenso ku ofesi ndinasainira kuti ndalama zinaperekedwa. Mukufuna anene kuti ndadya ndine?"

Pamenepo ndinazindikira kuti nawonso anali ndi mantha ngati angawa. Ndinajambula sitetimenti ija n'kuwatumizira. Panadutsa mphindi zambiri ndili chiimire pansi pa mtengo, minibasi za ku Blantyre zikuitanira anthu. Kenako ananditumizira chithunzi cha lisiti ya pa foni yawo, chokhala ndi nambala yaitali. Ndinathamangira nacho m'kati. Mayi a magalasi aja anailemba pa kompyuta, n'kupukusa mutu.

"Iyi ndi nambala ya m'kati mwa banki yawo. Ife sitiiona. Apite ku nthambi yawo ndi chitupa, akalembe dandaulo, akatchule tsiku, kuchuluka kwa ndalama ndi nambala ya akaunti yanu. Akapemphe kuti awauze ngati ndalamayo inatulukadi, awapatse umboni wolembedwa, ndiponso nambala imene inayenda nayo pobwera kuno."

Ndinawaimbiranso mayi aja n'kuwauza zonsezo mosamala, ngati ndikuyenda pa mwala woterera. Anati ali ndi misonkhano, aona mawa.

Madzulo ndinapita ndi sitetimenti kwa alamu anga. Anaitembenuza uku ndi uku, n'kukhudza chidindo ndi chala, kenako anandibwezera. Anati pepala amalemba ndi munthu. Anandiuzanso kuti mnzathu mmodzi mwana wake wabwezedwa kusukulu, wina mwini golosale wamukana ngongole ya ufa. Lachinayi kunafika alendo awiri pa Likhubula, koma anzanga anapatsa munthu wina kuti awaperekeze, ine ndili pompo. Palibe anandifotokozera chifukwa.

Tsiku lomwelo cha m'ma fili koloko foni inalira. Anali mayi aja, mawu atasintha. Anali atapita ku banki yawo. Ndalama sizinabwerere kwa iwo. Zinatuluka Lolemba m'mawa kupita ku banki yanga, ndipo anawapatsa kalata yodinda yokhala ndi nambala ina. Ananditumizira chithunzi chake.

Ndinapita kwa alamu anga n'kuwauza kuti mawa tipitire limodzi, akadzimvere okha. Lachisanu m'mawa tinakwera minibasi imodzi, mapewa atagundana, mpaka ku Boma. M'njira ndinkangoganiza kuti bwanji akakanena kuti ndalamazo zinalowa mu akaunti ya munthu wina, kapena kuti sakuziona. Ndikanagulitsa chiyani kuti ndilipire anthu asanu ndi anayi?

Mayi a magalasi anakopera nambala yatsopano ija, n'kuimbira foni kulikulu lawo ku Blantyre. Anaitchula pang'onopang'ono, kenako anadikira yankho, cholembera chili pakamwa. Alamu anga anavula chipewa n'kuchifinya pa bondo.

"Zapezeka," anatero mayiwo atatseka foni ndi dzanja. "Zili kwathu. Koma bambo, dzina lanu ndinu ndani?"

Ndinawalozera chitupa changa. Iwo anatchula dzina limene linalembedwa pa ndalamazo. Linali dzina limene aliyense pa Likhubula amandiitanira, limene alendo anandipatsa kalekale chifukwa langa lenileni linkawavuta kutchula. Pa chitupa ndi pa akaunti pali dzina la ubatizo ndi la bambo anga, lolembedwa m'kalembedwe ka Chipwitikizi, poti nawonso anachokera ku Mozambique. Mayi a ku Blantyre analemba dzina limene ankalidziwa, ndipo ine sindinaganize zowauza lina.

"Nambala ya akaunti inali yolondola, koma dzina silinagwirizane ngakhale pang'ono," anafotokoza mayiwo. "Ndiye anzathu sanafune kuika ndalama zochuluka chonchi mwa munthu amene mwina si mwini wake. Anaziika mu akaunti yodikirira, timati saspensi. Zikanakhala momwemo masiku angapo, kenako zikanabwezedwa ku banki yotumiza."

Alamu anga anawerama n'kufunsa okha. "Mayi, ndiye kuti munthuyu sanazigwireko?"

"Sakanatha, bambo. Mpaka pano sizinalowe mwake."

"Ndiye mupatseni, si uyu ali apayu?"

Mayiwo anati sizitheka choncho. Wolakwitsa dzina ndi wotumiza, ndiye wokonzanso ndi yemweyo. Apite ku banki yake akalembe kalata yokonza dzina, banki yakeyo itumize uthenga kwa iwo potchula nambala yomwe ija, ndipo akaulandira adzaziika mu akaunti yanga. Apo ayi, tidikire kuti zibwerere kwa wotumiza, iye atumizenso. Njira yoyambayo ndiyo inali yachangu. Anandilembera dzina langa papepala ndi zilembo zikuluzikulu monga liliri pa akaunti, kuti ndilijambule n'kutumiza, pasalakwikenso chilembo.

Mayi a ku Blantyre anapita ku banki yawo masana omwewo, akudandaula kuti ndawadyera nthawi, koma anapita. Titafika pa Likhubula tinapeza mapota ena akutidikira pafupi ndi ofesi ya zankhalango. Ndisanatsegule pakamwa alamu anga anati, "Ndalama zilipo, ndamva ndi makutu anga. Ku komiti sitipita." Mmodzi anafunsa kuti nanga zili kuti ngati zilipo. Iwo anamuyankha m'Chilomwe, mawu ochepa okha, ndipo munthuyo sanafunsenso.

Loweruka ndi Lamulungu zinandithera ndili ndi nkhawa yomweyo. Lolemba kunali zii. Lachiwiri cha m'ma teni koloko, ndikupalira m'munda wa nanazi, foni inanjenjemera m'thumba. Ndinawerenga uthengawo katatu, kenako ndinakhala pansi pamzere pompo.

Ndinakatapa ndalamazo tsiku lomwelo ndi mapota awiri ngati mboni, ndipo aliyense analandira zake pamaso pa anzake. Ena anandigwira chanza, awiri anangotenga n'kutembenuka, ndipo chaka chonsecho sanalolenso kukwera phiri m'gulu langa. Alamu anga sanapepese. Loweruka lotsatira anafika pakhomo m'mamawa, n'kundiuza kuti kwabwera alendo anayi ofuna kukagona ku Chambe, ndifulumire kuvala nsapato chifukwa iwo awauza kale kuti wowaperekeza ndine.