Mmene ndinasamutsira nsolo pakhomo pa chimbudzi

Mwana wanga wamkazi wachiwiri anakwatiwa ku komboni ya Kanyama, ndipo wodziwa Kanyama amadziwa kuti kumeneko chimbudzi sakumba, amachita kumanga. Pansi ponse ndi mwala. Ukangokumba pang'ono khasu lalira, mvula ikagwa madzi adzaza. Ndiye anthu amaunjika njerwa mpaka chimbudzi chikwere m'mwamba ngati guwa la m'tchalitchi, masitepe ake kutsogolo. Wopita kukadzithandiza amakwera onse akuona, kukhala ngati akukalalikira. Cha kwa apongozi a mwana wangayo chinalibe denga, chitseko chake linali thumba lakale la ufa.

Zinali zaka zija za makuponi, pomwe tinkalawirira kukafola mzere wa ufa, sopo ukumuona ngati mlendo. Apongozi ake aamuna anali atawachotsa ntchito ku fakitale. Munthu wozolowera kutuluka m'mawa sakhala m'nyumba, choncho anatenga thabwa lawo la nsolo n'kulikhazika pamthunzi wokhawo umene unali pakhomopo, pansi pa mtengo wa mapeyala. Mtengowo unali pamphuno penipeni pa masitepe a chimbudzi. Anzawo ochotsedwa ntchito ankasonkhana pomwepo kuyambira dzuwa likutuluka mpaka kulowa, kuponya miyala m'maenje ndi kutukwana mitengo ya zinthu.

Mwana wanga atabereka mwana wake woyamba, a kuchipatala anamusoka pang'ono kumusi, n'kumutulutsa. Mwamuna wake anali asanapeze nyumba yakeyake, motero chikuta anakachitira kwa apongozi. Ine ndinali kunyumba kwanga ku Matero ndi mwendo wotupa, ndipo ndinafika patapita pafupifupi sabata, mchombo wa khanda utagwa kale.

Mwana wangayo ndinamupeza atatsamira khoma ndi thako limodzi, linalo lili m'malere, nkhope itauma ngati kapenta. Khanda likulira. Akaliika kubere, linkangoyamwa pang'ono, iye n'kulichotsa chifukwa kukhala pansi kunkamuwawa. Amake a mwamuna, amene ine ndimawaitana kuti asewere, anandilonjera ndi matama.

"Asewere, mwana wanu tamusunga monga mukazi wa minisita. Ni bulekifasi chabe, mabanzi na tiyi. Rola sanaigwireko olo kamodzi."

Bulekifasi ndi ufa woyera uja wopanda gaga, umene masiku amenewo unkadyedwa ndi mabwana. Rola ndi mgaiwa wa ife amakuponi. Mayiyo anali atagulitsa chitenje kuti mpongozi wawo adye zoyera, ndipo sindiwanena, chinali chikondi. Masamba anali atamuletsa, ati amatsegula khanda m'mimba.

"Koma mukaka wake waonongeka," anapitiriza motsitsa mawu, akuloza pamimba pa mwana wanga. "Mumala muli doti, yakwera kumabele. Ndiye chamene mwana alilira. Tamugulira mankhwala yosuka mumala ku maliketi, mailo kukacha azamwa. Mwana tizamuika pa botolo."

Anandionetsa botolo la mowa lodzaza madzi akuda, lotseka ndi chitsononkho. Kununkha kwake ngakhale ntchentche inabwerera pakhomo. Koma chimene chinandiumitsa ine thupi ndi botolo linalo, loyamwitsira khanda. Mkaka wa m'chitini unkasowa m'masitolo, ukapezeka ankausungunula mpaka kuoneka ngati madzi otsukira mpunga. Madzi akenso a pachitsime chosaya cha ku Kanyama, nyengo ya mvula. Ana a botolo ndinali nditaperekezapo kale ku manda a ku Chingwere, sindinafune kukaperekezanso wanga.

Asewere atatuluka ndinatseka chitseko.

"Iwe, unapita liti kuchimbudzi?"

Anayang'ana pansi.

"Ndikufunsa iwe. Ndinakusintha matewera ine, palibe chachilendo chimene ungandionetse."

"Chibadwire mwana, amama, sindinapite. Kukodza ndimakodzera m'chitini. Koma zinazo ndingasiye bwanji m'chitini choti akataye apongozi?"

"Nanga chimbudzi chili panjacho n'cha maluwa?"

Apa misozi inayamba. "Apongozi aamuna amakhala pamasitepe pomwepo ndi anzawo. Ndidutse pamaso pawo, ndikwere, ndibuule, iwo akumva? Tsiku lina kusanache ndinayesa msangamsanga asanadzuke. Ndinakankha mpaka kuona nyenyezi. Sichinatuluke kanthu, kunangotuluka kanyama kumtumbo, ndi magazi. Ndiye ndinaopa kuti ulusi uduka. Pano ndimangodya pang'ono, madzi sindimwa, kuti chisandipeze."

Kwathu mkamwana sadya pamaso pa apongozi aamuna, sawayang'ana kumaso, akakumana nawo panjira amapatuka. Ulemu umenewo ndinamuphunzitsa ndine. Koma sindinamuphunzitse kuti matumbo nawonso azigwada.

Ndinamugoneka chammbali n'kuyang'ana. Kanyamako kanali kotupa ngati nthudza, kofiirira. Akwathu amati mudzi, a m'tauni amati mapailosi. Nane ndinali nawo nditabereka mwana wachitatu, choncho sindinakuwe.

M'mawa mwake ndinauza asewere kuti mchombo wagwa, tikupita ndi mwana ku sikelo, botolo lakudalo liyambe ladikira. Iwo anati atiperekeza, mwina poopa kuti ndikawanena. Sanalakwe.

Ku kiliniki tinapeza namwino wamkulu thupi, wa mawu ngati kondakitala wa basi. Anamuyeza mwana wanga kuseri kwa nsalu, n'kutiitana tonse awiri.

"Ulusi uli bwino, suduka na kunya iyayi. Nanga imwe bambuya babili, muli na nzeru bwanji pa nkhani iyi?"

Asewere anatulutsa botolo lawo m'chikwama. Namwino ananunkhiza, n'kulikankhira kutali ndi cholembera.

"Muli chani umu?"

"Ogulitsa ndiye aziba."

"Na beve sibaziba. Ivi vingamutsegule mpaka kuuma thupi, vinangu vingapite na kumukaka, mwana nayenso atsegule. Mufuna kudwazika babili?"

Ine ndinaseka, n'kunena kuti kwathu timangosema kasopo n'kulowetsa kumusi, basi zatheka.

"Na imwe muleke," anandidula. "Sopo iwawula mukati, pali kale chilonda. Mwaipeza kuti na sopo yotaya masiku yano?"

Apo anaseka ndi asewere. Tinafanana.

Kenaka anatikhazika pansi n'kutiuza zonse. Anati kudzimbidwa pambuyo pobereka n'kofala: matumbo amachita ulesi, mayi amaopa ululu, ndipo woyamwitsa amafuna madzi ambiri. Mapiritsi owonjezera magazi amene anam'patsa nawonso amalimbitsa chimbudzi ndi kuchidetsa, koma asawasiye mwa yekha popeza anataya magazi pobereka. Mudziwo ndi mitsempha yotupa chifukwa cha kulemera kwa mimba ndi kukankha, ndipo kawirikawiri umaphwa wokha chimbudzi chikafewa. Za mkaka anachita kumenya patebulo: chimbudzi sichikwera kumabere, mkaka suola. Mwana akulira chifukwa akumuchotsa asanakhute, ndipo bere losayamwidwa ndilo limaphwa. Anamuonetsa kuyamwitsa chogona chammbali, thako lili pamtendere. Khanda linagwira bere pomwepo mpaka kugona.

"Manje vakudya. Rola, masamba ya chibwabwa na kalembula, binzi, papaya, mango. Madzi yowilitsa, kapu iliyonse akayamwitsa. Aziyendako pang'ono. Masamba yamene adya mai siyatsegula mwana."

"Rola?" asewere anafunsa ngati awatukwana.

"Rola, mayo. Gaga ndiye nsapato za chimbudzi."

Shelefu ya mankhwala inali mbee, munali panado yekha. Namwino anati ameneyo amwe ululu ukakula, savuta mwana, koma asagule mapiritsi ena amphamvu opha ululu chifukwa ena amamanga m'mimba ndi kugonetsa khanda. Anatiuza za mankhwala a madzi otsekemera a ku kemisiti, dzina lake linandikana lilime, amene amakokera madzi m'chimbudzi kuti chifewe ndipo woyamwitsa amamwa bwinobwino. Anati sagwira tsiku lomwelo, tisathamangire kuwonjezera. Azikhala m'beseni la madzi ofunda, osati otentha aja timathowera nawo mchembere. Chikamupeza apite nthawi yomweyo, agwirize kansalu koyera pamene anasokapo, asakankhe, asakhalitse. Timagazi tochepa popukuta tisamuopse, koma magazi akachuluka, thupi likatentha, kumusi kukanunkha, kapena masiku akapitanso osachita, abwere msanga.

"Chikamupeza apite nthawi yomweyo." Mawu amenewo ndinabwera nawo m'mutu njira yonse, chifukwa pakhomo tinapeza nsolo ili pakati, madoda atazungulira masitepe ngati alonda a ku banki.

Mkamwini wanga anakagula mankhwala aja m'tauni. Koma m'nyumba munalibe rola, ndipo asewere aakazi anati iwo sangauze amuna awo nkhani yotere, pakamwa pangawaume. Mwana wanga sakanatha, mwamuna wake ankangokanda m'mutu. Ine ndi bambowo ndife asewere, palibe amene amagwadira mnzake. Ndinapita pamtengo paja.

"Asewere, mwaswera bwanji? Mukudya kapena akukudyani?"

"Nibadya bonse aba," anatero akuseka.

"Ndabwera kudzafunsa malipiro anu. Ulonda wa chimbudzi amakupatsani zingati pamwezi?"

Anzawo anaphulika ndi kuseka. Iwo anandiyang'ana, mwala uli m'manja.

"Tiyeni apa," ndinatero, n'kuwakokera kuseri kwa nyumba. Kumeneko ndinasiya nthabwala. "Mkamwana wanu chibadwire mwana sanadzithandize, akuopa kukwera masitepe awo inu muli pomwepo. Watupa kumusi, akulephera kuyamwitsa. Ulemu wake ukumupha, ndipo mdzukulu wanu akupita pa botolo."

Bambo aja anavula chipewa. Anayang'ana mtengo, anayang'ana masitepe, ngati akuziona koyamba.

"Mayo ine. Nanga bonse aba sibananiuze chifukwa chani?"

"Akuuzeni ndani? Inu ndinu apongozi."

Anavalanso chipewa chawo. Anabwerera, ananyamula thabwa lawo pamutu miyala ikugwa, n'kuuza anzawo kuti pano pali nyerere. Anakalikhazika kutsidya kwa msewu, kuseri kwa kantemba ka wowotcherera mapoto, padzuwa. M'mawa mwake anatenga makuponi okha n'kukafola mzere wa rola pakati pa azimayi, iwo amene chibadwire anali asanafolepo.

Tsiku limenelo sichinachitike kanthu. Mwana wanga anadya chibwabwa chotendera, papaya, namwa madzi mpaka kudandaula kuti wasanduka mgolo. Tsiku linalo, dzuwa litakwera, ndikuchapa matewera, ndinangomuona akutuluka, kansalu m'manja, akuyenda ngati bakha. Anakwera guwa lija pang'onopang'ono, thumba n'kugwa kumbuyo kwake. Ine ndi asewere aakazi tinaima m'munsi ngati tikudikira zotsatira za mayeso. Ndinayambitsa nyimbo ya kwaya mokweza kuti asamveke, asewere n'kulandira.

Atatuluka anali ndi thukuta pamphumi, koma nkhope itamasuka.

"Zawawa, amama. Koma ulusi ulipo."

Asewere anayamba kukweza dzanja kukamwa kuti aimbe nthungululu. Ndinawagwira mkono.

"Mukaimba, a kutsidya adziwa chimene chagwa."

Kanyama kaja kanatenga masabata kuti kaphwe, koma mkaka unabwerera mpaka kunyowetsa malaya, ndipo mwanayo sanalawe botolo. Lakuda lija asewere anakathira pa mphemvu. Nsolo sinabwererenso pansi pa mapeyala. Bambo aja anada ndi dzuwa la kutsidya, ndipo mpaka imfa yawo, ndikafika ku Kanyama ankandilonjera kuti, "Babwela bamene bananichotsa nchito kachiwiri."