Chipsera cha Panjira ya Kuchigayo

Mwana wanga woyamba, wamkazi, ali ndi chipsera pamphumi, chaching'ono ngati nyemba. Pamudzi amati amayi ake anagwa naye pochokera kuchigayo. N'zoona, koma si zonse, ndipo zotsalazo zimandichititsa manyazi mpaka lero.

Tinkakhala kwawo kwa mkazi wanga, kumapiri a kufupi ndi Kasakula, ine ndili mkamwini wolima fodya wa chikopa, wowamba ndi utsi uja. Mwana atabadwa, anamkungwi anatilangiza kuti tizigona mphasa zosiyana kufikira mwana atakhwima. Langizolo ndinalilandira ndi manja awiri. Iwo anati mphasa zosiyana, ine ndinamva kuti za usiku sizindikhudza.

Khandalo linali lolira. Likayamba anthu atangodya, linkalekeza kum'mawa kutafiira. Mkazi wanga ankayamwitsa, kusintha thewera, kuzungulira nalo m'nyumba, ndipo kukacha madzi ndi munda zinkamudikira. Ine ndinkadzuka kawiri kukaona moto wa fodya, moto wongofuka umene sutenga nthawi kuusonkhezera, n'kubwerera pamphasa. Mwana akalira ndinkayang'ana kukhoma, maso tseke, osagwedezeka. M'mawa wodandaula kutopa ndinali ine.

Tsiku lina mkazi wanga anapita kuchitsime n'kubwera ndi ndowa yopanda madzi. Ndinamuseka, ndipo ndinakafotokozeranso anzanga pabawo.

Mwana ali ndi miyezi itatu, mkazi wanga analawirira kuchigayo atamubereka, chimanga pamutu. Polowa pamsika anyamata anamufunsa khadi la chipani, ndipo anapeza kuti waliiwala. Anabwerera kudzalitenga, n'kukweranso mapiri omwewo. Pobwerera madzulo, pamtsetse wa miyala, tulo tinamuba akuyenda. Anagwa cham'mbali, ufa mbwee, mwana n'kugunda mphumi pamwala. Kuchipatala anamusoka mwanayo, n'kunena kuti mutu uli bwino.

Titafika kumudzi apongozi anga aakazi anamukalipira mwana wawo pamaso pa anthu. "Ndiwe mayi wanji wogona panjira ngati woledzera? Ukanapha mwana!" Ine ndinaima chapatali monga achitira mkamwini, ndipo ndikukumbuka kuti ndinagwedeza mutu kuvomereza.

Titatsala awiri m'nyumba, mkazi wanga sanalire. Anayankhula motsitsa, akuyang'ana bandeji ya mwanayo.

"Bambo a mwana, inutu mukagona mumaliza mkonono woti mbuzi m'khola zimadzidzimuka. Koma uyu akangoti ng'aa, mkonono umaleka. Ndiye ndimadziwa kuti mukumva."

Miyezi itatu ndinkadziyesa wochenjera, pamene mnzanga ankandionera mumdima osanena kanthu.

M'mawa ndinapita kwa anamkungwi aja kukafunsa ngati mwambo umaletsa mwamuna kunyamula khanda usiku. Anaseka mpaka kupukuta misozi. "Tinakuletsani mphasatu ife, osati mwana. Mwanayo si wanu kodi?"

Usiku tinaugawa pa tambala woyamba, poti wotchi tinalibe. Tikadya, iye ankayamwitsa mwana mpaka akhute, n'kugona. Kuyambira pamenepo mwana anali wanga. Ndinkamubereka ndi chitenje, n'kumazungulira pabwalo kutali ndi utsi wa fodya. Akagona ndinkamugoneka bwinobwino, n'kuthamangira kukaona moto. Akafuna bere ndinkapita naye kwa amake, amene ankayamwitsa chogona cham'mbali, ine ndili tsonga kuti asamugonere. Akamaliza ndinkamutsamiritsa paphewa kuti ageye, n'kusintha thewera ndekha. Tambala akalira ndinkamupereka, ine n'kukagona kukhitchini kumene kulira sikunkafika, mpaka dzuwa litatuluka. Tinapangana kuti wogona sadzutsidwa pokhapokha mwana atatentha thupi. Masana apongozi, amene mtima unali utatsika, ankamutenga kuti mkazi wanga atsinzineko.

Sabata yoyamba ndinaona polekera. Tsiku lina ndinaima m'munda osadziwa chimene ndadzatenga, ndipo ndinakumbukira ndowa ija. Ine ndinali nditangolawa theka la usiku kwa masiku asanu okha. Anzanga a pabawo anandiseka kuti ndadyetsedwa mankhwala. Zinandiwawa, sindinama, koma chitenje sindinachisiye.

Chimene sindinachite ndi kupita kwa apongozi kukawauza kuti wolakwa ndinali ine. Anamwalira akukhulupirira kuti mwana wawo anali wosasamala, ine ndili mkamwini wabwino wobereka mwana.

Chaka chatha mwana wathu uja anabwera kudzationetsa khanda lake, pamodzi ndi mwamuna wake. Maso a mayi wa khandayo anali ofiira, pamene mwamunayo ankaoneka kuti amagona bwino. Pocheza, mwana wathuyo anakhudza chipsera chake n'kunena moseka kuti, "Amayitu anandigwetsa ndili khanda."

"Amayi ako anagwa nawe," ndinatero ine, "koma anakugwetsa ndine."

Ndinayembekeza kuti mkazi wanga anena kuti zinapita kale zimenezo. Anangopitiriza kusenda mtedza.