Mndandanda wa Mayi Zimba

Juliana Zimba ali ndi kashopu ka mita imodzi ndi theka kuseri kwa osoka zovala ku msika wa Chisokone, momwe amatayipira anthu makalata. Kale anagwira zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri mu ofesi ya mafayilo kumgodi, ndipo anatulukamo ndi zinthu ziwiri: msana wopweteka ndi matenda osalola dzina kukhala posayenera. Iye anabadwa Banda, woyamba kuitanidwa kusukulu ndi kukatemera komwe. Chikondi ndicho chinamugwetsa kuchoka pa B mpaka pa Z, ndipo mpaka lero amamukumbutsa Zacharia, mwamuna wake, kuti malowolo sanalipire ulendo umenewo.

Chaka chatha kunamveka kuti kukubwera madokotala odzayeza mapapo a anthu amene anapuma ntchito kumgodi. Masiku asanu, anthu zana pa tsiku. Koma bungwe la opumawo ku komboni ya Ndeke linali ndi mayina 640, ndiye kuti 140 adikire chaka china, ngati fumbi la m'chifuwa lingavomere kudikira. Pofuna kupewa kukondera, anagwirizana zotsata alifabeti.

Wapampando wa bungwe, Apostle Festus Zyambo, yemwe utumwi unamupeza sabata imene penshoni inatha, anabweretsa makope anayi onona mafuta kwa Juliana. Munali zoseketsa. Theka la Ndeke linali pa B, poti mlembi wa bungwe ankayamba ndi mawu aulemu: Ba Phiri, Ba Tembo, Ba Mumba. Apostle mwiniwake, modzichepetsa monga mwa nthawi zonse, anali pa A.

Juliana anadula makadi, munthu aliyense yake. Dzina la bambo poyamba, la munthu pambuyo, ulemu wonse pakona ndi pensulo. Akafanana onse awiri, nambala ya kumgodi inkagamula. Kaŵinga anamuwerenga ngati W wamba koma kadenga kake sanakachotse. Émile Ilunga, wa ku Congo, yemwe mlembi anamutaya kumapeto kwa kope ngati chilembo chake n'chodwala, analowa pakati pa Edward ndi Emmanuel Ilunga. Ng'ombe anatsatira Ngoma, kankhwazule osawerengedwa. De Souza anakhala pa D, Van Wyk pa V, lamulo limodzi kwa onse.

Kenaka anaipeza khadi imene ankaiopa. Mwamuna wake analembedwa kuti Bashi Purity, kutanthauza bambo wa Purity, monga amamuitanira anzake Achibemba. Akanangotseka diso limodzi, Zacharia akanayezedwa Lolemba. Munthuyo anali atafika pokwera masitepe atatu a tchalitchi n'kupumira pa lachiwiri. Juliana anaigwira khadiyo mpaka inanyowa thukuta. Anachita mantha, anadzida yekha, koma analemba Zimba, Zacharia. Nambala 631.

"Amake Purity, fumbi iziba alifabeti?" anafunsa Zacharia atamva, akutsokomola.

"Nikakusiyani pa B, ninshi nachotsapo mwamuna wa munzanga," anayankha Juliana. Tsiku limenelo sanadye.

Loweruka Apostle anabwera kudzatenga mndandanda. Anayang'ana tsamba loyamba, napukuta magalasi, nayang'ananso. Anatsegula masamba onse, nkhope ikugwa pang'onopang'ono, mpaka anadzipeza pansi pa a Zulu asanu ndi mmodzi, womaliza weniweni.

"Mayo, imwe! Six forty? Ine ndine Apostle!"

"Ili apo pa kona, Ba Zyambo, na pensulo," anatero Juliana. "Pa chitupa chanu cha NRC palibe."

Anaopseza, ananyengerera, anatchula ndi kudzoza komwe. Juliana anangopinda manja. Kukonza okha sakanatha, poti makope a mndandandawo anali atapita kale kwa madokotala ndi kumatchalitchi atatu.

Koma munthu wa Mulungu sasowa njira. Lamulungu masana, pa msonkhano wa bungwe, Apostle anaimirira maso ali ofiira, nanena kuti walandira vumbulutso: a kumchira azunzika mokwana m'dziko muno, choncho chaka chino kuyeza kuyambire pa Z kukwera m'mwamba. Alifabeti ndi yomweyo, kukondera palibe. A Zulu, a Tembo ndi a Phiri anaomba m'manja, ndipo poti ndiwo ambiri, vumbulutso linapambana mavoti.

Lolemba m'mawa Apostle analowa woyamba, modzipereka. Zacharia anali wakhumi. Madokotala anamupeza ndi fumbi, namuyambitsa mankhwala ochepetsa befu, ndipo Juliana analira ndi chimwemwe pakhomo pa holo, osachita manyazi.

Chimwemwecho chinatha atafika kunyumba. Pakhonde loyandikana ndi lawo panakhala Anock Banda, amene anagwira ndi Zacharia pansi pa mgodi zaka makumi awiri, atavala jekete imene anasitira tsikuli. Pa mndandanda anali nambala 12, ndipo tsopano anali m'gulu la 140 odikira chaka china. Juliana analemba yekha khadi yake, bwinobwino, pamalo pake penipeni.

"Mwayenda bwanji, mulamu?" anafunsa Anock. Yankho sanalimve, chifuwa chinali chitamugwira kale.