Zilembo makumi atatu ndi ziwiri za a Aufi

A Aufi ndinkagawana nawo shopu ku Fordsburg, ine mashini osokera kumaso, iwo makompyuta anayi kumbuyo kwa katani. Kwawo kunali ku Mangochi. Anabwera ku Joni kudzagwira ntchito ya m'dimba kwa mzungu wina wokonza makompyuta, ndipo maluwa anauma koma iwo anatulukako ndi luso. Anali munthu wotopetsa. Ukawafunsa kanthu ankayamba awerenga kaye ndi nsonga ya bolopeni, iwe uli chiimire.

Mu Meyi 2008, alendo tikuthamangitsidwa m'malokeshoni, kunabwera mayi wina dzina lake Hajara. Mwamuna wake Binali anasowa tsiku limene anawotcherwa nyumba, ndipo panali patatha masiku asanu ndi anayi. Hajara anali atapatsidwa malo m'basi yobweza anthu kumudzi, yonyamuka 2 koloko masana omwewo pafupi ndi Park Station, koma anali atatsimikiza zotsala kuti azikayang'ana m'nyumba zachisoni. Kwa ine anadzagula nsalu yoyera ya nsanda. Ndinamudulira osafunsa zambiri.

Potuluka anapempha a Aufi kuti amutsegulire imelo imene iwo omwe anawakonzera awiriwa, imene sinkadziwika ndi wina aliyense. Munali uthenga umodzi, wochokera ku adiresi yachilendo, wopanda mutu, wopanda moni. Unali mzere umodzi basi:

TmRhZmlrYSBNd2FuemEuIEJ3ZXJhLg==

"Mwina mwana amaseweretsa kompyuta," anatero Hajara, akupinda nsalu yake.

Jabu wa shopu yoyandikana nafe, wogulitsa madisiki a mapulogalamu, anasuzumira. Anabadwira ku Soweto koma agogo ake anali a ku Dedza, ndipo Chichewa chake chinali chopunduka mwendo umodzi. Anawerenga mofulumira.

"Thirty-two. Iyi ndi hashi, sisi, ngati zija timachekera fayilo kuti tione ngati ili bwino. Hashi siibwerera ku mawu. Ayikho into lapha, palibe kanthu apa, musataye nthawi."

Ndinamukhulupirira, poti ankayankhula mwachangu. A Aufi anatulutsa bolopeni yawo, ine mtima unandiwira. Munthu wagula nsanda, iwo akuwerenga zilembo.

"Chiwerengero wakhoza, Jabu," anatero atamaliza. "Koma hashi imene ukunenayo imalembedwa ndi manambala ndi zilembo zoyambira a kulekeza f. Apa pali T, pali Z, pali m. Zazikulu ndi zazing'ono zasakanikirana."

"Ndiye ndi zongobaya-baya," anatero Jabu.

"Wobaya mwachisawawa zala zake zimazungulira pamodzimodzi, ndipo samalizira ndi timizere tiwiri ta samu iti. Imelo nthawi zina imakulunga mawu m'zilembo zinayizinayi, base64, ndipo gulu lomaliza likaperewera imadzaza ndi timeneti. Ikafika imayenera kumasula yokha. Iyi yafika yosamasula."

Hajara anafunsa ngati ndiye kuti ndi Binali.

"Sindinatero, mayi. Kiyi wa pulogalamu nayenso amatha kukulungidwa chomwechi, ndipo kiyi wabwino sasiyana ndi zinyalala pomuona. Ndi mzere umodzi wokha, maso amangondiuza chikulungo. Zam'kati tiona tikamasula. Zikatuluka zopanda tanthauzo, ndikuuzani kuti sindikudziwa."

Apo ndiye pamene ankandikwiyitsa kwambiri. Mawu amodzi otonthoza sakanawathyola lilime. Koma pa zaka zisanu ndi chimodzi zimene tinakhala limodzi sindinawamvepo akunena chimene sanachione, ngakhale kwa munthu wolira.

Anakopera mzerewo, nkuuika m'kapulogalamu komasulira, mosamala kuti asasiye chilembo. Nthawi inali itadutsa 1 koloko. Anadina kamodzi, kenako anatembenuzira sikirini kwa Hajara. Panalembedwa kuti: Ndafika Mwanza. Bwera.

Hajara anawerenga katatu, milomo ikuyenda. Kenako anati Binali ndi wotero, ngakhale kalata yomufunsira ukwati inali ya mizere iwiri. Sanalire. Anafunsa njira yachidule yopita ku Park Station, ndipo Jabu, manyazi atamugwira, anatseka shopu yake nkumuperekeza pa minibasi. Atabwerako anatiuza kuti anapeza dzina la Hajara likuitanidwa kachiwiri.

A Aufi anabwerera kwa kasitomala amene ankafuna kusindikiza CV, ngati kuti palibe chimene chachitika. Mu 2013 anabwerera ku Mangochi maso atayamba kuwavuta, ndipo katani ija ndinaichotsa.

Nsanda ija Hajara anaiiwala pa tebulo langa, yopindidwa bwinobwino. Ndinaisunga miyezi itatu, ndikuopa kuti tsiku lina adzalowa kudzaitenga. Sanabwere, ndipo nsalu yomweyo ndinasokera a Aufi mkanjo wa Idi.