Masitepe a nyumba ya ku Bradford

Foni inandipeza ndikutsika basi, ndikuchokera kuntchito kuchipatala. Anali namwino mnzanga amene tinabwera naye limodzi ku Bradford. Anangoti, "Bambo a kunyumba adzipha. Apolisi angochoka kumene." Ndinathamangira kunyumba kwake. Lamulungu lapitalo bambo omwewo anatiseketsa kutchalitchi mpaka nthiti kuwawa.

Thupi linali m'manja mwa aboma ofufuza imfa zadzidzidzi, ndipo tsiku lolitulutsa sanatiuze. Choncho tinali ndi maliro opanda bokosi, m'kanyumba kogundana ndi za azungu. Amalawi a ku Manchester ndi ku Liverpool anayamba kufika madzulo a tsiku lomwelo.

Kwathu wobwera kudzapepesa amauzidwa mmene zayendera: anadwala liti, anagona chipatala chiti. Ndi mwambo wabwino, koma tsiku limenelo unatilasa. Mayi wina wamvano anagwira mnzangayo dzanja n'kumufunsa, "Kodi munayambana?" Wina anafuna kudziwa ngati malemuwo anasiya mawu. Wachitatu anati, "Musalire, zonse zikhala bwino." Mnzanga anadzuka, anakwera m'mwamba n'kudzitsekera kuchipinda.

"Athamangitse onse," anandiuza nditamutsatira, chitseko chili chotseka. "Sindikufuna kuonanso munthu."

Ndinachita mantha. Abale ake onse anali ku Mulanje, ndipo akanatseka khomo tsiku limenelo akanalira yekha mpaka kalekale.

Ine pakamwa panga sipachedwa, anzanga amadziwa. Ndinatsika n'kuima pamasitepe. "Pepani azimayi ndi azibambo," ndinatero. "Bambo atisiya, adzipha. Uthenga ndi womwewo, wina palibe. Musamufunse namfedwayu kuti zinayenda bwanji kapena chifukwa chiyani. Musamuuze kuti zikhala bwino. Nenani pepani, mutchuleni malemuyo pa zomwe mukumukumbukira. Mawu akakusowani, khalani chete."

Mkulu wina wampingo anadandaula kuti, "Nanga maliro opanda kulongosola anaoneka kuti?" Ndinawayankha kuti awaona lero.

Ndinabwerera m'mwamba n'kukhala pansi, msana utatsamira chitseko. "Ndili pompano," ndinatero. "Suyenera kulankhula." Patapita nthawi anatsegula, maso ali gwa, opanda msozi.

"Iwe," anatero, "ndikanapanda kupita ku shifiti m'mawa muja, bwenzi ali moyo?"

Mawu akuti "palibe chomwe ukanachita" anafika pamilomo. Koma mnzangayo ndi namwino, amadziwa kamvekedwe ka mawu ongotonthoza, ndipo akanandiika m'gulu la apansi aja.

"Sindikudziwa," ndinatero. "Palibe amene akudziwa, ndipo zotere sizibwera ndi chifukwa chimodzi. Ine sindikukuimba mlandu. Ndinkaona mmene unkawakondera. Funso limeneli ukafuna kulifunsanso mawa, undifunse ine."

Atamva zimenezi anagwera pamiyendo panga n'kulira kulira kwenikweni, kwa kwathu, mpaka apansi aja anati zii. Atatopa anapukuta nkhope ndi chitenje.

"Auze akwere," anatero. "Awiriawiri. Koma iwe usachoke."