Chubu cha Njinga pa Chitseko cha a Makwerero

Si zoona kuti a Makwerero adapenga. Ndikudziwa kuti mudamva, mwina mudafalitsako nokha pampopi paja, koma si zoona. Inde, adawaona atawerama pambali pa tebulo, mkono uli lendelende, akuuzunguliza ngati akuvundula penti m'ndowa yosaoneka. Adawaonanso atayang'anizana ndi khoma, zala zikuyenda m'mwamba ngati kangaude. Nacho chubu cha njinga chomangidwa pa chitseko chidalipodi. Koma amene adaona zonsezi ndi mlamu wawo, ndipo mlamu ameneyo pakamwa pake palibe loko.

A Makwerero ndi bambo wopenta nyumba, wamfupi, wa mawanga oyera m'nsidze osachoka ngakhale ndi sopo. Dzinali adalitengera ku makwerero amene ankayenda nawo paphewa m'mawa uliwonse. Siling'i za theka la mseu uno adapenta ndi iwo, khosi lili m'mwamba, akuimba nyimbo zopanda mutu. Akazi awo anali telala, mayi wa lilime lakuthwa kuposa sizasi yawo, mpaka sitiroko idawagwira n'kuwafooketsa mkono ndi mwendo wa kumanja. Mawu nawonso adayamba kutuluka limodzilimodzi, ngati madzi a pampopi wakutha.

Kuyambira pamenepo bamboyo adakhala miyendo ya mkazi wake. M'mawa ankawanyamula kuchoka pabedi kukawakhazika pa mpando wa matayala, dzanja lina kunsana, lina kunsi kwa mawondo, ngati mkwatibwi. Akatero ankawapesa tsitsi, ndipo mzere wa pakati ankauwongola ngati akudula malire a penti pakhoma.

Tsiku lina mayiwo adaterereka pampando. Bamboyo adawawakha ndi dzanja limodzi, lamanja, ndipo m'phewa mudamveka ngati ulusi waduka. Mayi sadagwe, koma madzulo ake a Makwerero adalephera kuvula malaya.

Kuchipatala adawauza kuti fupa lili bwino, minofu ya paphewa ndiyo yakokeka. Adawatumiza kwa mayi wa mafizo, wophunzitsa odwala zolimbitsa ziwalo, mtsikana wa nsapato zamphira amene amayankhula mofatsa koma sabwereza kawiri.

"Bambo, khoma mumalipaka penti womaliza tsiku loyamba?"

"Ayi, mwanawe. Umayamba wapala, n'kumata ming'alu, n'kupaka woyamba. Auma kaye."

"Phewanso ndi choncho."

Adawaonetsa zoyambira: kuwerama n'kusiya mkono uzilendewera wokha, kuukweza pang'onopang'ono ndi mtengo wa tsache mkono wabwino ukuthandiza, ndi kuyendetsa zala pakhoma mpaka pomwe phewa lalola. Zikadzayamba kupepuka, adzakankha khoma ndi kunja kwa dzanja, chigongono chili m'nthiti, mkono osasuntha. Kenako kukoka chubu cha njinga. Kunyamula zinthu pamwamba pa mutu ndiye komalizira kwenikweni.

"Kuwawa kwa kutopa, koti pofika mawa kwatha, musakuope," adatero. "Koma mukamva kubaya ngati singano, kapena mwadzuka ululu utaposa wa dzulo, mwapyola muyeso, lekani. Dzanzi likatsikira ku zala, mkono ukafooka mwadzidzidzi, phewa likatupa n'kutentha, lekani zonse, mubwere kuno. Ndipo amayi musawanyamule."

"Nanga awanyamule ndani? Angelo?"

Mngelo wake adakhala mlamu, mng'ono wa akazi awo, amene amagulitsa mazira kuseri kwa siteji ya basi. Ankabwera m'mawa ndi madzulo ndi mayi wina woyandikana nawo, kukweza ndi kutsitsa wodwala, kwinaku maso ali pa mwini nyumba.

"Alamu, khomali lakulakwirani chiyani? Mukulikankha ngati lakubera mkazi."

"Likakana kusuntha ndikwatira iweyo, ndione ngati sugwa msanga."

"Ndi mkono umodziwo? Mungandipatse chiyani, sawatcha?"

Pampando paja mayi ankaseka ndi mbali imodzi ya kamwa.

Kuseka kudatha pomwe mwana wawo woyamba, amene amagwira ntchito ku banki kumzinda wina, adaimba foni. Mwanayu ndi wabwino mtima, koma amayankhula ngati akudinda sitampa. Adati mlamu sangasiye mazira mpaka kalekale. Adati akubwera kumapeto kwa mwezi, ndipo akapeza kuti bambo sangathe kusamala mayi, awatenga akakhale kwa iye, m'nyumba ya m'mwamba yokhala ndi wantchito.

"Nanga ine?"

"Adadi, chipinda ndi chimodzi. Muzidzabwera kudzawaona."

A Makwerero adaika foni pansi n'kuyang'ana bedi. Chikwatirane, kupatula masiku a kuchipatala, mbali ya mayi ya kukhoma ija siidagonepo yopanda munthu.

Nthawi imeneyo anali atangofika kumene pa chubu. Adachimanga pa chogwirira chitseko, thaulo lopinda lili m'khwapa kuti chigongono chisathawe, n'kumakokera dzanja kunja pang'onopang'ono monga adawauzira. Zinkayenda bwino. Mkono unkafika kale pa shelefu ya makapu. Koma mwezi unkathamanga, ndipo chubu cha njinga sichifanana ndi mkazi wamkulu.

Ndiye mwamuna uja adaganiza zachimuna. Adapita kuseri kwa nyumba, komwe mlamu saona, nadzaza mchenga m'ndowa yakale ya penti. Adainyamula kufika pachifuwa. Adaikweza kupitirira mutu. Kachitatu kapena kachinayi, phewa lidabaya. Adaima, natukwana pang'ono, naikwezanso, poti kwa iye mwamuna salekera khoma pakati.

M'mawa mwake adadzuka phewa likulira. Adavala malaya mkazi asanatsegule maso. Pofika nthawi yopesa, adaima kumbuyo kwa mpando monga mwa masiku onse, koma chala chachikulu ndi chamkombaphala zinali ngati wazigonera. Chipeso chidagwa. Adachitola. Mzere udakhota, chipeso chidagwanso.

Mayi sadacheuke. Telala amadziwa dzanja lonjenjemera ngakhale asalione.

"Dzanzi?" adafunsa.

"Chipesochi ndi choterera. Wapaka mafuta ambiri mng'ono wako uja."

"Bodza."

"Iwe, ndi mawu ochepa omwe uli nawowo, ukuwonongera kunditukwana?"

"Lekani."

Sadaleke. Ndowa yokha adaisiya, koma kuchipatala sadapite, poopa kuti mayi wa mafizo awabweza ku zala zapakhoma mwana ali m'njira.

Mwana adafika Loweruka masana, chikwama chachikulu chopanda kanthu chili m'manja, choti alongezemo zovala za mayi ake zikavuta. Mayi anali atagona pang'ono. Itakwana nthawi yowadzutsa, mlamu adapinda manja a bulauzi, koma a Makwerero adamukankhira pambali.

"Khala uone, mlamu. Nawenso mwananga, uone. Bambo ako sanathe."

Adawerama, nalowetsa dzanja kunsana kwa mkazi wawo. Koma mayi adali atagwira chitsulo cha bedi ndi dzanja lawo lamanzere, lija lamoyo, n'kulimata ngati guluu.

"Siya bedi, mayi."

"Ayi."

"Ukundichititsa manyazi pamaso pa mwana."

Mayi adawayang'ana nthawi yaitali, akusonkhanitsa mawu monga ankasonkhanitsira mapini pakamwa kale.

"Ndipite... ndi mwana... ndibwera. Mkono... ukafa... subwera."

A Makwerero adasolola dzanja pang'onopang'ono, nakhala m'mphepete mwa bedi, naulula zonse: ndowa, mchenga, kubaya, chipeso.

"Adadi, mchenga?" adatero mwana, misozi ikulengeza. "Amayi mwawayesa simenti?"

Lolemba adapita onse anayi. Mayi wa mafizo adawapindapinda khosi a Makwerero, nayesa mphamvu ya zala ndi ya mkono, nawagwiragwira phewa. Adati sizikuoneka kuti chang'ambika, koma mnofu wapsanso mtima ndipo mtsempha wanyanyuka nawo. Chubu achisiye. Abwerere kolendewetsa mkono, ndipo dzanzi likapitirira kapena mkono ukayamba kufooka, akaonane ndi dokotala akawajambule.

"Mwapaka penti pakhoma lonyowa, bambo."

"Ndapaka."

Kenako wa mafizoyo adatembenukira kwa akazi awo. "Inu, mwendo wamanzerewu umagwira?"

Mayi adaumenyetsa pansi.

"Nanga amakunyamuliraninji ngati khanda?"

Apa ndiye padali nkhani. Chitulukire mayi m'chipatala atagwidwa sitiroko ija, palibe adawalola kuponda pansi. Bamboyo, chifukwa cha chikondi chopanda mabuleki, ankawanyamula basi. Mayi wa mafizo adamanga wodwalayo lamba wotambalala m'chiuno, naika mpando pafupi ndi bedi la chipatala ku mbali yamoyo, natseka mabuleki. Adawasunthira m'mphepete, mapazi pansi, bondo lake litatchinga bondo lofooka. Mayi adaweramira kutsogolo, nakankha bedi ndi dzanja lamanzere, nadzuka. Adaima, akunjenjemera, koma adaima. Adazungulira pa mwendo umodzi, nagwira mpando, nakhala.

"Sanyamulidwa, amathandizidwa. Osawakoka mkono wofookawu, iwonso asakolekere munthu m'khosi. Alamu anu aphunzire lero. Inu bambo, mudikire phewa liume."

Mwana adabwerera kumzinda ndi chikwama chake chopanda kanthu, atanena kuti wangoimitsa mlandu, sadauthetse. Ankaimba foni kwa mlamu, osati kwa bambo ake, poti adadziwa amene sabisa.

Dzanzi lidatha m'sabata yomweyo. A Makwerero adayambiranso pansi: kuvundula ndowa yosaoneka, kangaude wa pakhoma, kukankha khoma. Mayi ndiwo adakhala kapitawo. Akaona nkhope yakwinyika, ankagogoda mpando ndi supuni, bamboyo n'kuima. Chubu chidabwerera pa chitseko, kenako botolo la madzi lokweza kufika paphewa, kenako bulashi youma yoyendetsa pakhoma. Siling'i mpaka lero sadaibwerere. Amapenta zitseko ndi mawindo, za m'mwamba amasiyira anzake a mapewa atsopano.

Mvula itayamba, mayi wa mafizo adalola a Makwerero kugwira lamba wa akazi awo uja. Mwana atabweranso adawapeza pakati pa chipinda, bambo atapinda mawondo, zigongono zili m'nthiti, mayi ataima pa mwendo umodzi mphumi ili pachifuwa cha mwamuna wawo, akuzungulira pang'onopang'ono kulowera kumpando. Za chikwama sadatchulenso.

Mlamu, amene adasuzumira pawindo, wayamba kale kuuza anthu kuti misala yakula, tsopano agulupawo amavina m'mawa uliwonse popanda wailesi. Musamumvere.

A Makwerero sadapenge, ankangochiritsa phewa kuti mkazi wawo asachoke pakhomo.