Imvi za ba Olipa

Ku Bundabunda ukafunsa kwa ba Olipa, anthu amakulozera kudimba, chifukwa ndi komwe anakalambira, akulima repu ndi tomato. Sanali mayi wa pagalasi. Mutu wao unkadziwa sopo ndi chipeso basi, ndipo imvi zitabwera anazilandira osadandaula.

Chinawasintha ndi matenda a amuna awo, ba Sanford. Sitiroko inawagwetsa m'munda chaka chatha, ndipo atachoka kuchipatala mutu sunabwerere m'malo. Anaiwala ngakhale ana awo. Mkazi amene anakhala naye zaka makumi anayi ankamuyang'ana kumutu, n'kuona imvi, n'kumutcha amayi. Mkaziyo akavala chitambala ndiye bamboyo ankatembenukira kukhoma, mpaka achivule. Phala ankalandira m'manja mwa ba Olipa mokha, koma likatha ankafunsa kuti Olipa abwera liti. Funso limeneli linkawawa kuposa kuchapa zofunda tsiku ndi tsiku.

Tsiku lina ba Olipa anakwera minibasi kupita ku Chongwe, kwa Febby, mwana wa mkulu wao, amene ali ndi saluni pafupi ndi msika. Anamuuza kuti akufuna tsitsi lakuda bii, lautsikana, kuti mwina bamboyo angawatchule dzina.

Febby ntchito yake amaidziwa. Anawatulutsa panja, poti getsi la m'nyumba limanamiza. Anawayandikiza ndolo yagolide patsaya, kenako yasiliva. Yagolide inawalitsa nkhope, yasiliva inaichititsa mbuu. Anawafotokozera kuti pansi pa kuda kwa khungu lililonse pamakhala mtundu wina, kwa ena wopita kubuluu, kwa ena wofiirira, ndipo lao linali lofiirira. Mankhwala akuda bii aja amapita kubuluu, ndiye pakhungu lotere amalimbana nalo, n'kuonetsa khwinya lililonse. Chowayenera chinali chabulauni woderapo, n'kusiya imvi pang'ono m'mbali.

"Ba anti, tsitsi yanu siinakhaleko blaki so, olo pa chithunzi cha ukwati," anatero Febby. "Bwelani pa Chisanu, nizapeza kala yanu."

Koma munthu wosweka mtima samva malangizo a mwana amene anamubereka kumbuyo. Bulauni kwa iwo unali utsikana watheka. Anadutsa pamsika, n'kugula kapaketi ka mankhwala akuda, ndipo atafika kwao anadzipaka okha kuseri kwa bafa ndi mswachi wakale.

Imvi zija zinamwa mankhwala, mutu n'kuda ngati kunsi kwa poto. Mzere wakuda unatsala pamphumi. Nkhope inaoneka youma, yotuwa, maso olowa. Iwo anadziyang'ana m'kagalasi kosweka n'kudzilimbitsa mtima, nalowa ndi mbale ya phala.

Ba Sanford anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anakoka bulangeti mpaka pachibwano, napempha mwaulemu kuti mlendoyo awaitanire amayi awo. Phala anakana. Madzulo anakananso, m'mawa mwake chimodzimodzi. Ba Olipa anayesa chitambala, bamboyo anatembenukira kukhoma monga kale. Anachapa mutu kasanu ndi sopo wochapira zovala, koma mankhwala otere sachoka ndi madzi. Pofuna dzina, anali atataya ngakhale umayi uja umene unkadyetsa wodwala.

Tsiku lachitatu Febby anabwera yekha atamva. Sananene kuti ndinakuuzani, ngakhale mawuwo anali pamlomo. Anagwira tsitsilo n'kunena kuti mtundu wowala sungaphimbe wakuda. Kuuchotsa kumafuna mankhwala oyeretsa, amene pa tsitsi lofooka chotero akanangolithothola. Chotsala chinali kudikira miyezi kuti imvi zimere. Ba Olipa anayang'ana kuchipinda, kumene munthu anali atagona ndi njala ya masiku atatu, nauza Febby kuti atenge lumo.

Febby anakana poyamba. Kwao mkazi wamkulu sameta mpala mwamuna ali moyo, amameta maliro akatha. Anthu akanati akumuitanira imfa.

"Anthu azakamba, koma si ndiwo azamudyetsa," anatero ba Olipa. "Meta, mwana wanga."

Anakhala pampando pansi pa mango, tsitsi lakuda likugwera pachitenje, Febby akumeta uku akulira. Atatha, ba Olipa anatenthetsa phala n'kulowa, mutu uli mbee.

Ba Sanford anadzutsa mutu. Panalibenso imvi kapena kuda koti ziwasokoneze, panangotsala nkhope. Maso awo anadzaza misozi, natambasula dzanja lomwe linkagwirabe ntchito, n'kusisita mpala uja pang'onopang'ono.

"Olipa," anatero. "Wameta. Wamwalira ndani?"

Ba Olipa anatenga supuni. Anatunga phala, naliuzira, ndipo amuna awo anatsegula pakamwa.